Msomali m'tayala la sikuta m'nyengo ya mvula

Mvula ikayamba mu Novembala, madzi amakokolola misomali ndi tizidutswa ta waya n'kuzisiya m'mphepete mwa misewu ya Lusaka, momwe ife okwera sikuta timakonda kudutsa. Tayala la mainchesi 10 kapena 12 limasunga mpweya wochepa, choncho ngakhale utuluke pang'ono, limafewa msanga kusiyana ndi la galimoto.

Tiyerekeze kuti pepala lomatidwa pa sikuta yanu likunena kuti tayala lakumbuyo lizikhala ndi mpweya wa muyeso wa 29 psi, koma m'mawa, musanayende, geji ikuonetsa 21. Muyeso wam'mawawo ndiye woona, chifukwa tayala likatentha ndi ulendo geji imakwera. Nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala musaitsatire popopa, popeza imanena za mpweya wofunika tayalalo likasenza katundu wolemera kwambiri amene lingathe, osati muyeso woyendera tsiku ndi tsiku.

Ngati m'mbalimo mwalembedwa TUBELESS, ndiye kuti mulibe chubu, ndipo msomali umene walowa umatsekanso bowo lake, n'chifukwa chake mpweya umatuluka pang'onopang'ono. Musauzule musanakonze zida zomatira tayala. Pakani madzi a sopo kuti thovu likusonyezeni malo, ndipo muyesenso pa valavu. Mukazula msomali ndi pulayasi, onetsetsani mmene unalowera, chifukwa chitsulo chokhakhala chopalira bowo chiyenera kutsata njira yomweyo. Mukachilowetsa molunjika pamene msomali unalowa chopendekera, muboola bowo lachiwiri. Kenako pisani chingwe chomata chotsekera bowo pa singano yake, chikankhireni mkati mpaka kunja kutsale gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo muzule singanoyo osaipotokola. Dulani chotsalacho, popani kufika pa 29, pakaninso sopo, ndipo mawa lake muyezenso.

Chingwechi chimathandiza pa bowo losaposa mamilimita 6 lomwe lili pakati pa tayala, pamene limaponda pansi. Bowo lam'mbali silimatidwa, tayalalo lisinthidwe basi. Ine chingwe ndimachiona ngati chokufikitsani kwa amatayala, kuti akalivule n'kulimata chigamba mkati, ndipo muyende mosathamanga kufikira pamenepo.

Ena amaphwetsa tayala pang'ono mvula ikagwa, poganiza kuti ligwira bwino msewu. Zimenezo n'zolakwika, chifukwa tayala lofewa limapindika pakati, ndipo timizere take timalephera kutulutsa madzi bwino. Pa penti yonyowa, monga ya mizere yowolokera anthu mu Cairo Road, palibe muyeso wa mpweya umene ungakupulumutseni, popeza pentiyo imakwirira timiyala ta phula timene tayala limagwirapo. Gwirani mabuleki musanafike pa mzerewo, muudutse sikuta ili chilili, osawonjezera moto, ndipo ngati n'kotheka dutsani pa phula lakuda la pakati pa mizere. Mukaima pa maloboti, phazi lanu nalonso lisaponde pa penti.