Kunyezimira sikuti ndi satini, yang'anani maluko

Ndatopa nazo zoti munthu akunditumizira chithunzi cha nsalu chojambulidwa patali, mwina ili pahang'ala kapena pachidole cha mushopu, nkumafunsa kuti atelala iyi ndi satini eti? Ine ndingadziwe bwanji? Nsalu ikamanyezimira mukuti satini, ikakhala yabuluu mukuti jinzi, basi mwagula. Dzina la nsalu zimenezi silichokera pa mtundu wake kapena kuwala kwake, limachokera pa mmene ulusi analukira, ndiye ngati chithunzi sichikuonetsa ulusi umodziumodzi palibe chomwe tikukambirana.

Nsalu yoluka ili ndi ulusi wambali ziwiri, woyimirira umene umatsata utali wa mpukutu, ndi wopingasa umene umachokera mkombero uno kukafika mkombero winawo. Zimenezi mukuzidziwa. Chofunika kuwerenga pachithunzi ndi chakuti ulusi umodzi ukudumpha anzake angati usanalowe pansi. Ukadumpha umodzi nkulowa pansi pa umodzi, zimaoneka timabokosi tolingana mbali zonse, ndiwo maluko wamba a chitenje ndi malaya ambiri a sukulu. Ukadumpha awiri kapena atatu, ndipo ulusi woyandikana nawo nkuchita chimodzimodzi koma utasuntha kamodzi, pamatuluka mizere yopendekeka ngati ija mumaiona pa lichero, imeneyo ndiye twilu. Ukadumpha anayi kapena kuposa, malo olowera pansiwo atamwazikana osagundana, mizere siioneka bwino, pamwamba pamangokhala see, ndiye satini ameneyo.

Denimu, nsalu ya jinzi ija, ndi twilu. Anthu amadabwa ndikanena izi koma ndi choncho, denimu ndi mwana mmodzi chabe m'banja la twilu, pamodzi ndi khakhi wa mathalauza a yunifomu ndi gabadini wa masuti. Chimene chimamusiyanitsa ndi utoto. Mu denimu ulusi woyimirira wokha ndiwo amaunyika mu utoto wabuluu wa indigo asanaluke, wopingasa amausiya woyera, ndipo nthawi zambiri wabuluu umadumpha atatu nkulowa pansi pa umodzi. Ndiye mukayandikitsa kamera kumaso kwa nsalu muona buluu wambiri ndi timadontho toyera tandandalika mopendekeka, mukatembenuza kumbuyo kumakhala kotuwa chifukwa ulusi woyera uja ndi umene wachuluka kumeneko. Khakhi alinso ndi mizere yopendekeka koma amanyika nsalu yonse ikatha kulukidwa, kumaso ndi kumbuyo mtundu umodzi, timadontho toyera mulibe. Nchifukwa chake ndimati chithunzi cha mbali imodzi sichikwana, mundionetse kumaso ndi kumbuyo komwe.

Pali ina imene imapusitsa anthu kwambiri pakaunjika, amaitcha shambure. Ulusi woyimirira ndi wabuluu, wopingasa woyera, patali jinzi yeniyeni. Koma yandikirani, mizere yopendekeka palibe, ndi timabokosi basi, ndipo kumbuyo kukufanana ndi kumaso. Ndi nsalu yabwino ya shati, yopepuka, koma musandibweretsere kuti ndikusokereni thalauza yogwirira ntchito kugalaja. Palinso zotanuka zija atsikana amavala zooneka ngati jinzi, zambiri mwa izo pachithunzi mumaona timalupu tokolana ngati ta juzi, imeneyo ndi nsalu yolukidwa ngati sikipa angoipaka mtundu wa jinzi.

Koma kumene anthu akutayira ndalama zenizeni ndi kwa satini, makamaka nyengo ya maukwati. Nkhani imodzi imandiwawabe mpaka lero. Mayi wina, tcheya wa komiti ya ukwati wa mchemwali wake, anaoda nsalu ya madiresi a operekeza asanu ndi atatu kwa munthu wina wokatenga katundu kunja, mamita 3 aliyense, onse pamodzi mamita 24. Wogulitsayo anatumiza zithunzi pa WhatsApp, nsalu yagolide ikuwala ndi fulashi, pansi analemba kuti satini ya akwati. Mayiwo analipira, nsalu inabwera, anaisunga m'chikwama pafupifupi mwezi osaonetsa telala aliyense. Atabwera nayo kwa ine ukwati unali utayandikira, ndipo telala wina anali atadula kale madiresi atatu, operekeza atayesa kuvala misoko ya m'chiuno nkuyamba kuyasama.

Ndinawapempha zithunzi zija. Mwa zonse panali chimodzi chojambulidwa pafupi ndi mkombero, nditachikulitsa zinali poyera, timabokosi ting'onoting'ono, ulusi kukwera umodzi kutsika umodzi. Inali layiningi ya poliyesita, ija timaika mkati mwa jekete. Imawala inde chifukwa ulusi wake ndi woterera, koma ndi yopyapyala, imalira khwasakhwasa, ndipo msoko ukakokedwa ulusi umatsetsereka nkusiya mpata. Akanakhala satini bwenzi pachithunzi pakuoneka tiulusi titalititali togona mbali imodzi, ndipo chithunzi cha kumbuyo, chimene palibe anachipempha, chikanaonetsa nsalu yosawala kwenikweni. Layiningi ija imawala pafupifupi mofanana mbali zonse ziwiri. Wogulitsa anakana kubweza poti nsalu yadulidwa kale, ndipo pamenepo sindingamutsutse, nsalu yodula sabweza kulikonse. Mayi aja anagulanso ina mothamanga pamtengo wokwera, ndalama ya zakudya ndi imene inavutika.

Ndiye tamverani, musanatumize ndalama uzani wogulitsa ajambule chonchi. Ayale nsalu pathebulo pafupi ndi windo masana, fulashi azimitse chifukwa fulashi imawalitsa chilichonse ndi kubisa maluko. Kuwala kuzichokera m'mbali kuti mizere ya twilu ichite mthunzi. Aike ndalama yachitsulo pambali kuti tione kukula kwa ulusi, ndipo mkombero wa nsalu uoneke kuti tidziwe ulusi woyimirira ndi uti. Apinde kona imodzi kuti kumaso ndi kumbuyo zilowe m'chithunzi chimodzi, apo sangakunamizeni ndi nsalu ziwiri zosiyana. Potumiza atumize ngati Document, chifukwa WhatsApp imafinya zithunzi ndipo ukakulitsa umangoona phala. Wogulitsa amene akukana kuchita zimenezi, kumangoti musadandaule mayi ndi orijino, msiyeni.

Ndipo ndinene izi poti ena pa intaneti akudzitcha akatswiri, amaona chithunzi nkulengeza kuti iyi ndi silika weniweni. Bodza. Chithunzi chimakuuzani maluko, sichikuuzani kuti ulusi ndi wa chiyani. Satini akhoza kukhala wa silika, wa poliyesita, ngakhale wa thonje, ndipo wambiri amene ali m'mashopu mwathu muno ndi wa poliyesita. Kuti mudziwe pamafunika kachidutswa m'manja ndi machesi. Thonje limayaka ndi fungo la pepala nkusiya phulusa lofewa, silika amanunkha ngati tsitsi lopsa ndipo kamakala kake kamafumbutuka mukakafinya, poliyesita amasungunuka nkuuma kukhala kampira kolimba. Kulemera kwa nsalu nakonso sikuoneka pachithunzi, denimu wa shati ndi wa thalauza akhoza kuoneka chimodzimodzi mukakulitsa.

Ngati oda ndi yaikulu, ya ukwati kapena yunifomu ya kwaya, gulani kaye theka la mita, mupite nalo kwa telala wanu sabata yomweyo asoke msoko umodzi aukoke. Yotsalayo mulipire pambuyo, ndipo ikafika sizasi isayandikire mpaka mutaifananiza ndi kachidutswa koyamba kaja.