Chifukwa chake thambo limakhala labuluu masana koma dzuwa limafiira polowa

Anthu ena amakhulupirira kuti thambo limatengera mtundu wake ku madzi a m'nyanja, koma zimenezi si zoona, popeza ngakhale m'chipululu momwe mulibe madzi thambo limaonekabe labuluu. Chimene chimapatsa thambo mtundu ndi mpweya umene timapumawu, ndipo mpweya womwewo ndi umenenso umafiiritsa dzuwa madzulo.

Kuwala kwa dzuwa, ngakhale kuti kumaoneka koyera, n'kosakanikirana mitundu yonse imene timaiona pa utawaleza. Kuwalaku kumayenda ngati mafunde, ndipo mtundu uliwonse uli ndi utali wa funde wakewake. Funde la kuwala kwabuluu ndi lalifupi, pafupifupi mananomita 450, pamene la kuwala kofiira limafika cha m'ma 700. Nanomita ndi muyezo wochepetsetsa zedi, moti mu milimita imodzi mumalowa mananomita 1 miliyoni.

Kuwalako kukalowa mumlengalenga kumakumana ndi tizigawo ta mpweya totchedwa mamolekyu a nayitirojeni ndi okosijeni, omwe ndi aang'ono kwambiri kuposa mafundewo. Mamolekyuwa amapatutsa gawo lina la kuwalako n'kulimwaza mbali zonse, koma samwaza mitundu yonse mofanana. Katswiri wa ku Britain, Lord Rayleigh, anasonyeza m'chaka cha 1871 kuti kamwazidweka kamatsatira lamulo la 1/λ⁴, pomwe λ ikuimira utali wa funde. Tanthauzo lake n'lakuti funde likafupika pang'ono chabe, kumwazikako kumakula kwambiri. Tikagawa 700 ndi 450 timapeza 1.56, ndipo 1.56 × 1.56 × 1.56 × 1.56 imatipatsa pafupifupi 6. Choncho kuwala kwabuluu kumamwazika pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa kofiira, n'chifukwa chake kulikonse kumene mungayang'ane kumwamba, kupatula padzuwa penipeni, buluu womwazikayo ndi amene amakulowani m'maso.

Wina angafunse kuti, nanga bwanji thambo silioneka lapepo, pamene funde la mtundu umenewu ndi lalifupi kuposa labuluu? Pepo amamwazikadi kwambiri, kungoti dzuwa limatulutsa wochepa poyerekeza ndi buluu, komanso maso athu samuona bwino.

Za madzulo zimamveka bwino tikaganizira kutalika kwa ulendo wa kuwala mumpweya. Dzuwa likakhala paliwombo, kuwala kumadutsa mpweya molunjika pansi, ndipo m'mwamba mukakhala mopanda fumbi, pa magawo 100 aliwonse a buluu, pafupifupi 20 ndi amene amapatuka, pamene pa magawo 100 a kuwala kofiira amapatuka 4 okha. Zotsalazo zimakhala zambiri ndithu, motero dzuwa limaonekabe loyera. Koma likafika pomwe thambo limakumana ndi nthaka, kuwala kumabwera chopingasa ndipo kumadutsa mpweya wochuluka kuwirikiza pafupifupi ka 38. Kutayika kuja kumachitika mobwerezabwereza njira yonseyo, moti buluu amene amafika kwa woyang'ana sakwana n'komwe gawo limodzi pa magawo 1,000, pamene kuwala kofiira kumapulumuka pafupifupi gawo limodzi pa magawo anayi. Kufiira kumene timaona sikuti kwawonjezedwa ayi, ndi zotsala buluu atachotsedwa. Buluu wochotsedwayonso sanawonongeke, wangomwazikira kwina, kumene akukongoletsa thambo la anthu amene dzuwa likadali m'mwamba kwawoko.

Zimenezi mukhoza kuziyesa kunyumba. Thirani madontho ochepa a mkaka m'botolo la madzi loonekera mkati, kenaka muwalitse tochi ya kuwala koyera kuchokera mbali imodzi m'chipinda chamdima. Mukayang'ana cham'mbali madziwo amaoneka abuluu pang'ono, koma mukayang'ana tochiyo kudzera m'madziwo imaoneka yachikasu kapena yofiirira. Mkaka ukachuluka zonse zimangoyera mbee, ndipo pamenepa m'pamene ambiri amalakwitsa.

Lamulo la Rayleigh lili ndi malire, chifukwa limagwira ntchito pa tinthu tochepa kwambiri kuposa funde la kuwala. Timadontho ta madzi ta m'mitambo n'tatikulu kuposa fundelo, choncho timamwaza mitundu yonse pafupifupi mofanana, ndipo n'chifukwa chake mitambo imaoneka yoyera. Fumbi ndi utsi nazonso zimasokoneza: m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, anthu akamatentha tchire, thambo limatuwa mpaka mapiri akutali osaoneka bwino, ndipo dzuwa limasanduka mpira wofiira lisanafike n'komwe pansi. Mvula yoyamba ikatsuka mpweya, buluu wakuya amabwereranso. Ena amati fumbi ndilo limakongoletsa kulowa kwa dzuwa, koma fumbi lambiri la pafupi ndi nthaka kawirikawiri limazimiritsa mitundu. Chimene chimawalitsadi thambo ndi timadontho tosaoneka ndi maso tokhala m'mwamba kwambiri, monga tomwe tinafalikira phiri la Pinatubo ku Philippines litaphulika mu 1991, pomwe maiko ambiri anaona madzulo ofiira modabwitsa kwa miyezi yambiri.