Zala zikayera kenako n'kuda nthawi yozizira, si kulodzedwa

“Mwana wanga akatsuka usipa m'mamawa wa mwera ku Senga Bay, zala zimayera kuti mbee, kenako n'kuda ngati za mtembo. Akuti wina akumupopa magazi usiku. Zoona?”

Ayi mayi, magazi ake alipo onse. Madokotala amati matenda a Raynaud. Kukazizira, timitsempha tobweretsa magazi ku zala timafinyika tokha, ndipo mwa anthu ena timachita kutsekeka. Magazi akaleka kufika, chala chimayera n'kuchita dzanzi, malire ake n'kumaoneka ngati wolemba mzere. Magazi ochepa otsalira mmenemo amatha mpweya wa okosijeni, n'chifukwa chake kenako chala chimabiriwira. Mitsempha ikamasuka, magazi amabwerera mwamphamvu, chala n'kufiira, kumayaka ngati wagwira tsabola. Zala zikafunda zimabwerera mwakale, pamene wopopedwa magazi sangachire ndi kufunda pa mphindi 15 zokha!

Zikamugwira, aike manja m'khwapa kapena m'madzi ofunda. Asawothe pafupi ndi mbaula, poti chala cha dzanzi chimapsa mwini wake osamva. Musamutemere mphini, chala choperewera magazi sichipola msanga.

Koma zikamachitika dzanja limodzi lokha, kapena kunsonga kwa zala kukatuluka zilonda, khungu kulimba, mfundo kutupa, pitani naye kuchipatala, mwina pali matenda ena amene akuyambitsa.