Mafunso awiri amene atomu singayankhe nthawi imodzi

Mu 1922, ku Frankfurt, Otto Stern ndi Walther Gerlach anadutsitsa maatomu a siliva pakati pa maginito amene ankakoka kwambiri mbali imodzi kuposa inayo. Maatomuwo anagawika pawiri, popanda ogwera pakati. Lero tikudziwa kuti chimene chinawagawa ndi sipini ya elekitironi, imene imachititsa elekitironiyo kukhala ngati kamaginito kakang'ono, ndipo mayankho ake ndi awiri okha. Tiwatche +1 ndi −1.

Tiyerekeze kuti tili ndi maginito otere angapo. Tikawaimika, tikufunsa funso Z: m'mwamba kapena pansi? Tikawagoneka, tikufunsa funso X: kumanja kapena kumanzere? Tengani maatomu 1,000 amene ayankha Z kuti m'mwamba. Mukawafunsanso Z, onse abwereza yankho lomwelo. Koma ayambe adutsa pa X. Pafupifupi 500 apita kumanja. Amenewa mukawabwezera pa Z, pafupifupi 250 apita m'mwamba, enawo pansi. Yankho lija lasowa.

Ambiri akamva izi amati chida choyezera chagunda atomu n'kuisokoneza. Ine kafotokozedwe kameneka sindikakonda, chifukwa kamapatsa munthu chiyembekezo chakuti chida chofatsa chidzathetsa vutoli. Sichingathe, ndipo masamu ake ndi ochepa moti mungawachite kuseri kwa envelopu.

Mkhalidwe wa sipini timaulemba ndi manambala awiri, (a, b). Funso lililonse lili ndi opareta yake, ndiye kuti lamulo losinthira manambalawo. Z amatembenuza chizindikiro cha nambala yachiwiri: (a, b) amasanduka (a, −b). X amasinthanitsa malo: (a, b) amasanduka (b, a). Atomu imakhala ndi yankho lotsimikizika pa funso ngati opareta yake ingochulukitsa mkhalidwe wonse ndi nambala imodzi, ndipo nambalayo ndiyo yankho. Mwachitsanzo, Z sasintha (1, 0), choncho yankho ndi +1. X naye sasintha (1, 1). Koma X akagwira (1, 0) amatulutsa (0, 1), chinthu china kotheratu. Pamenepo yankho lotsimikizika palibe.

Tsopano tiwatsatizane. Tikayamba Z kenako X, zimene timalemba XZ, (a, b) amakhala (a, −b), kenako (−b, a). Tikayamba X kenako Z, zimene timalemba ZX, amakhala (b, a), kenako (b, −a). Zotsatira zasiyana, ndipo kusiyanako, XZ − ZX, ndiko komyuteta, yolembedwa [X, Z]. Apa ikutipatsa (−2b, 2a).

Nkhani yagona apa. Tinene kuti ulipo mkhalidwe umene uli ndi yankho lotsimikizika pa mafunso onse awiri, x pa X ndi z pa Z. Kwa mkhalidwe umenewo opareta iliyonse ndi kuchulukitsa chabe, ndipo pochulukitsa manambala zilibe kanthu kuti wayamba ndi uti. XZ ndi ZX zipereka zofanana, komyuteta itulutsa ziro. Nanga (−2b, 2a) angakhale ziro liti? Pokhapokha a ndi b onse ali ziro, ndipo (0, 0) si mkhalidwe wa atomu iliyonse. Onani kuti sitinatchule chida choyezera ngakhale kamodzi. Sikuti atomu ikubisa mayankho awiri: m'masamu a kwantamu, amene amafotokoza tinthu ting'onoting'ono ngati maatomu, mulibiretu mkhalidwe wokhala nawo onse.

Malo a chinthu ndi momentamu yake, ndiye kuti kulemera kwake kuchulukitsa ndi liwiro lake, zimagwa mumsampha womwewu. Max Born ndi Pascual Jordan anasindikiza mu 1925 lamulo limene lero timalemba kuti [x, p] = iħ, pamene x ndi malo, p ndi momentamu, i ndi nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka −1, ndipo ħ ndi nambala yosasintha ya Planck yogawidwa ndi 2π. Popeza ħ si ziro, komyuteta imeneyi singafafanize mkhalidwe uliwonse. Mu 1929 Howard Robertson anasonyeza kukula kwa malirewo pa mafunso awiri alionse: ΔA ΔB ≥ ½|⟨[A, B]⟩|. Apa Δ ndi kumwazikana kwa mayankho mukayeza maatomu ambiri okonzedwa mofanana, gulu lina pa A, gulu lina pa B, ndipo ⟨ ⟩ akutanthauza avareji pa mkhalidwe wa maatomuwo. Pa malo ndi momentamu mpamene pamatuluka Δx Δp ≥ ħ/2.

Pali pamene ophunzira amapunthwa. Amaloweza kuti komyuteta ikapanda kukhala ziro, ndiye kuti mayankho awiri sangapezeke pamodzi mpang'ono pomwe. Si nthawi zonse. Chofunika n'chakuti komyutetayo itulutse ziro pa mkhalidwe umene uli nawo m'manja, ndipo nthawi zina zimatheka. Lx, Ly ndi Lz, zoyeza kuzungulira kwa elekitironi mu atomu, komyuteta zake si ziro: [Lx, Ly] = iħLz. Komabe elekitironi ya haidirojeni ikakhala pa mphamvu yotsikitsitsa, zitatu zonsezo ndi ziro motsimikizika, chifukwa Lz pa mkhalidwe umenewo amatulutsa ziro, chimodzimodzinso anzake awiriwo. Chimene komyuteta yosakhala ziro imaletsa nthawi zonse ndi kukhala ndi gulu lathunthu la mikhalidwe yotere, lokwanira kulembera mkhalidwe wina uliwonse. Pa sipini ya elekitironi mpata ngati wa haidirojeniwu palibe, pakuti yankho la ziro kulibe: ndi +1 kapena −1 basi.