Sheya yodula si kampani yaikulu: mmene mungapezere kukula kwa kampani pa LuSE

Aphunzitsi ena opuma pa ntchito anabwera ku ofesi kwanga kuno ku Chipata ndi kapepala kolembapo mitengo ya masheya. Anali atagwirizana ndi anzawo a m'chilimba kuti aike ndalama m'kampani yaikulu kuposa zonse pa msika wa masheya wa ku Lusaka, ndipo anali atasankha kale. Nditawafunsa kuti asankha bwanji, anati: "Tatenga imene sheya yake ili ndi mtengo wokwera kwambiri." Ntchito yanga ndi yowerengera anthu ndalama zamabizinesi, ndipo kalingaliridwe kameneka ndimakumana nako kawirikawiri.

Pitani pa msika wa Kapata. Mayi wina ali ndi matumba 10 a nshawa ndipo akugulitsa thumba pa K600. Mnzake ali ndi matumba 200 a chimanga, thumba K300. Thumba lodula ndi la nshawa, koma katundu yense wa mayi woyamba ndi wa K6,000 pomwe wa mnzakeyo ndi wa K60,000. Kampani nayo imagawidwa m'tizigawo totchedwa masheya, ndipo eni ake ndi amene amasankha kuigawa m'tizigawo tingati. Ina imagawidwa tochepa todula, ina tambirimbiri totchipa. Choncho kukula kwa kampani pa msika kumapezeka pochulukitsa mtengo wa sheya imodzi ndi chiwerengero cha masheya onse amene kampaniyo inatulutsa. Pa foni kapena pa kompyuta nambala imeneyi mudzaiona italembedwa kuti `Market Cap` kapena `Market Capitalisation`.

Tiyese ndi makampani awiri enieni a pa Lusaka Securities Exchange, imene ambiri timangoti LuSE. Airtel Networks Zambia ili ndi masheya 104 miliyoni. Copperbelt Energy Corporation, kampani yogulitsa magetsi ku migodi ija, ili ndi masheya pafupifupi 1,625 miliyoni. Mitengo imasintha, ndiye imene ndikuike apa ndi yongoyerekezera kuti masamu aoneke bwino. Tinene kuti sheya ya Airtel ili pa K100 ndipo ya CEC ili pa K20. Airtel ikhala K100 kuchulukitsa ndi 104 miliyoni, zomwe ndi K10.4 biliyoni. CEC ikhala K20 kuchulukitsa ndi 1,625 miliyoni, zomwe ndi K32.5 biliyoni. Pa mitengo imeneyi sheya ya Airtel ndi yodula kasanu, koma CEC ndi yaikulu kuposa katatu. Aphunzitsi aja ataona zimenezi anavula magalasi n'kuwerenganso okha ndi cholembera.

Kuti mupeze nambala za lero mufunika zinthu ziwiri, ndipo sizisintha pa liwiro limodzi. Mtengo umasintha tsiku lililonse la malonda. Mudzaupeza pa webusaiti ya msikawo, `luse.co.zm`, pamene amaika mitengo yotsekera tsiku, ndipo makampani amalembedwa ndi mayina achidule monga `ATEL` ndi `CECZ`. Mabuloka, amene amagulira anthu masheya, nawonso amatumizira makasitomala awo malipoti a msika. Chiwerengero cha masheya sichisintha kawirikawiri, chimatha zaka chili chomwecho. Chimenechi muchifune mu lipoti la pachaka la kampaniyo, pa mzere wolembedwa `Shares in issue` kapena `Issued shares`. Samalani ndi mzere woyandikana nawo wa `Authorised shares`, chifukwa umenewo ukunena masheya amene kampani ikuloledwa kutulutsa, ndipo ena mwa iwo sanatuluke n'komwe. Ngati kampani yagulitsa masheya atsopano lipoti litatuluka kale, imalengeza kudzera pa LuSE, ndiye yang'ananinso zilengezo zaposachedwa.

Mawebusaiti ambiri amakupatsani `Market Cap` yowerengedwa kale. Ine ndimaiyesa motere: ndimaigawa ndi mtengo wa sheya wa lero. Yankho liyenera kufanana ndi chiwerengero cha masheya cha mu lipoti. Likasiyana kwambiri, ndiye kuti webusaitiyo ikugwiritsa ntchito mtengo wakale kapena chiwerengero chakale.

Za malo a kampani pa mndandanda n'zosavuta, chifukwa makampani a pa LuSE ndi ochepa, ongopitirira pang'ono 20. Tsegulani Excel pa kompyuta, ndipo kuyambira pa mzere wachiwiri lembani dzina mu danga A, mtengo mu B, masheya mu C, ndipo mu D ndi E ikani izi:

```
=B2*C2
=RANK(D2,D$2:D$25)
```

Kokerani mizereyo mpaka pansi, ndipo pamwamba lembani deti. Mndandanda wopanda deti ndi wachabe, poti makampani awiri oyandikana akhoza kusinthana malo m'sabata imodzi. Mitengo yonse ikhalenso ya tsiku limodzi.

Pali msampha umodzi umene umagwira ngakhale atolankhani. Shoprite Holdings ili pa LuSE, koma kwawo kwenikweni ndi msika wa ku Johannesburg. Mukachulukitsa mtengo ndi masheya ake onse, mukupeza kukula kwa gulu lonse la Shoprite ndi masitolo ake a ku South Africa omwe, osati masitolo a m'Zambia mokha. N'chifukwa chake malipoti a msika amapereka kukula kwa LuSE kawiri, kuphatikiza Shoprite ndi kuchotsa Shoprite. Munthu akakuuzani kuti kampani yakuti ndi yoyamba kapena yachiwiri, mufunseni ngati Shoprite waiwerengera.

Ife a kuno kufupi ndi malire a Mwami tili ndi msampha wathuwathu. Airtel Malawi ili pa msika wa masheya wa ku Blantyre, ndipo ndi kampani ina, ya masheya ake. Palinso Airtel Africa, imene masheya ake amagulitsidwa ku London ndi ku Lagos. Mukangolemba dzina lakuti Airtel pa foni, mungalandire iliyonse mwa zitatuzi. Kuwonjezera apo, ndalama za Zambia ndi za Malawi zonse ndi kwacha, koma kwacha imodzi yathu imagula makwacha ambiri a ku Malawi. Yang'anani ngati palembedwa `ZMW` kapena `MWK`, ndipo musanayerekeze makampani a mayiko awiri, sinthani nambala zonse zikhale m'ndalama imodzi pa mtengo wosinthira wa tsiku lomwelo. Malipoti akale a chaka cha 2013 chisanafike ali m'kwacha yakale, imene inachotsedwa maziro atatu.

Aphunzitsi aja anafunsanso ngati K32.5 biliyoni ndi ndalama zimene kampaniyo ili nazo ku banki. Ayi. Si ndalama za m'akaunti, si phindu, ndipo ngongole za kampani sizionekamo. Ndi mtengo umene munthu womaliza anagulira, wopakidwa pa masheya onse. Pa msika waung'ono ngati wathu zimenezi zili ndi vuto lake. M'makampani angapo masheya ochuluka ali m'manja mwa kampani yaikulu yakunja kapena boma, ndipo sagulitsidwa n'komwe. Tibwerere ku chitsanzo chathu chija. Wina atagula masheya a Airtel 1,000 okha pa K110 m'malo mwa K100, ndipo mtengo wotsekera n'kukhala umenewo, ndalama zimene zasinthana manja ndi K110,000, koma kukula kwa kampani papepala kwakwera ndi K1.04 biliyoni. Choncho pambali pa mtengo muziona danga la `Volume`, limene limanena masheya amene agulitsidwa tsikulo. Mukapeza ziro masiku angapo otsatizana, mtengo mukuuonawo ndi wakale, ndipo tsiku lodzafuna kugulitsa anu mungadikire wogula. Aphunzitsiwo anawonjezera danga limeneli pa kapepala kawo, n'kunena kuti akaliona kwa mwezi wathunthu asanaimbire buloka.