Kanyama kakang'ono si ka mwana wamng'ono ayi

"Mwana wanga wa zaka 4 akulirira kagalu, ndiye ndimugulire kaye kalulu poti ndi wosavuta?"

Apa ndi pomwe ambiri timaphonyera, timayeza chiweto ndi kukula kwa thupi lake. Kalulu amaopa kunyamulidwa, ukamukweza m'mwamba iye amangoona ngati wagwidwa ndi chilombo ndiye amaphiriphitha, kumenya ndi miyendo yakumbuyo, ndipo poti mafupa ake ndi opepuka akhoza kuthyoka msana pompo mwana atatsala ndi zikhadabo pamkono. Zomunyamula makutu zija ndiye musayerekeze. Komanso amabisa matenda, akangosiya kudya ndi kuchita chimbudzi kwa theka la tsiku ujeni wavuta kale, wa zaka 4 angazindikire zimenezo?

Anapiye ndi kamba nazonso ayi kwa osakwana zaka 5, zimakhala ndi majeremusi a salimonela, pomwe ana amsinkhuwu chala chimangopita kukamwa.

Mbira ndiye bola, kuyambira zaka 6 kapena 7, sizilumaluma. Koma zikhale ziwiri, yokha imasungulumwa, ndipo mwana aziigwira atakhala pansi kuti ikapulumuka isagwe patali.

Za kukonzeka kwa mwana kusamala chiweto osangowerenga zaka. Mupatseni ntchito yothira madzi m'kambale ka nkhuku m'mawa ulionse kwa mwezi, muone ngati akukumbukira osakalipiridwa, muonenso ngati amasiya mphaka akafuna kuchoka kapena amamukoka mchira. Kagaluko kakadzabwera, katemera wa chiwewe pa miyezi 3 ndi ndalama ya chakudya zili kwa inu, osati kwa iye.