Kalata ya kukhoti yoyendetsera chuma cha masiye: mafunso ndi mayankho

“Amuna anga anamwalira osasiya wilu. Anasiya nyumba, galimoto, ndalama kubanki ndi ana awiri aang'ono. A banki akuti ndibwere ndi kalata ya kukhoti. Ndiyambire pati?”

Pepani ndi zovutazi, mayi. Yambani ndi satifiketi ya imfa yochokera ku NRB, ndipo sungani pafupi umboni wa ukwati wanu ndi makalata a kubadwa kwa ana. Kenako lembani chuma chonse ndi mtengo wake: nyumba ndi nambala ya puloti, galimoto ndi nambala yake, ndalama zimene zili mu akaunti, komanso ngongole zimene malemu anasiya. Mndandandawu umapita kwa oona za msonkho wa chuma cha masiye, amene amapereka chikalata chosonyeza kuti msonkho walipidwa kapena palibe cholipira. Musabise kanthu pofuna kuchepetsa msonkho, chifukwa chimene mwachisiya chidzakubwezani kukhoti tsiku limene mudzafune kusintha umwini wake.

“Nanga kukhotiko ndikapereka chiyani?”

Mukapereka pempho lanu pamodzi ndi zikalata zija, lumbiro lolemba lotchula onse oyenera kulandira chuma, ndi bondi. Bondi ndi lonjezo lakuti chuma mukachiyendetsa mokhota mudzabweza, ndipo kawirikawiri pamafunika anthu okuikirani kumbuyo amene amasaina nawo. Chuma chochepa amaona ndi majisitireti, koma chokhala ndi nyumba ya m'tauni ngati chanuchi chimapita ku Khoti Lalikulu.

“Ndingapemphe ndekha?”

Apa ndi pamene ambiri amabwezedwa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati ngati pakati pa olandira pali mwana wosakwana msinkhu, oyendetsa chuma akhale awiri kapena kuposerapo, koma asapitirire anayi. Choncho pezani mnzanu wopempha naye. Ine ndimalangiza kuti ngati kuchimuna kuli munthu wokhulupirika, mutenge ameneyo, chifukwa wachibale amene akuona ngati mwamudumpha atha kukaika chiletso kukhoti, kalata osatuluka mpaka woweruza amve mbali zonse. Ngati malemu anali ndi mwana kunja kwa banja, mutchuleni mu lumbiro ngakhale zikuwawa. Lamulo limamuwerengera ngati ana enawo, ndipo kalata yopezeka pobisa zoona khoti litha kuilanda.

“Kalata ikatuluka, chuma ndi changa?”

Ayi. Kalata imakupatsani mphamvu yotolera chuma, kulipira ngongole, kenako kugawira oyenera, poyambira inuyo, ana ndi ena amene ankadalira malemu. Katundu wa m'nyumba amene munkagwiritsa ntchito, monga mipando ndi ziwiya, amatsala ndi inu. Gawo la ana mumangowasungira, ndiye sungani lisiti ya ndalama iliyonse yotuluka, ngakhale ya fizi, chifukwa khoti litha kukufunsani mmene mwayendetsera.